Kutenga kaimidwe ka thupi pa chithunzi china, nkhope pa china: mafupa, mtunda ndi mutu

Muli ndi zithunzi ziwiri. Pa choyamba pali munthu amene wakhala kapena waima mmene inu mukufunira. Pa chachiwiri pali nkhope imene mukufuna ioneke pa chithunzi chatsopano. Ambiri akayesa koyamba thupi limatuluka bwinobwino, koma nkhope imatuluka ya munthu wachitatu, wofanako ndi onse awiri koma wosakhala aliyense wa iwo. Chimachititsa n'chimodzi. Chilichonse chimene mwatenga pa chithunzi cha kaimidwe chimabwera ndi kachidutswa ka mutu wa mwini wake, ndipo kachidutswako kamalimbana ndi nkhope imene mwaikayo. Choncho ntchito yaikulu ndi kuletsa chithunzi cha kaimidwe kulamulira kumutu, uku chikulamulirabe kuyambira m'khosi kutsika m'munsi.

Malangizowa akutsata Stable Diffusion 1.5, modelo ya AI yojambula zithunzi, mu pulogalamu ya AUTOMATIC1111 WebUI, yokhala ndi chowonjezera cha sd-webui-controlnet. Amene amagwiritsa ntchito ComfyUI apeza kuti mfundo zake n'zomwezo, kungoti mabatani ali pena.

Tigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Pa chithunzi cha kaimidwe pali mayi wamtali, wowonda, wa nkhope yaitali, tsitsi lalitali atalimanga pamwamba pa mutu. Wakhala pa mpando, mwendo wamanja wausanjika pa wamanzere, manja onse ali pa bondo. Pa chithunzi cha nkhope pali mayi wina wa nkhope yozungulira, masaya odzaza, tsitsi lalifupi, khungu lakuda. Tikufuna mayi wachiwiriyu akhale ngati mmene wakhalira woyambayo.

Zimene chida chilichonse chimanyamula

ControlNet inatuluka mu February 2023, kuchokera kwa Lvmin Zhang ndi anzake a pa yunivesite ya Stanford. Imapatsa modelo yojambula chithunzi chotsogolera, kuti pamene ikuumba chithunzi chatsopano izitsata chimenecho. Pa ntchito yathuyi zotsogolera zake ndi ziwiri.

Choyamba ndi mafupa, a OpenPose. Pulogalamu imayang'ana munthu n'kupeza mfundo 18: mphuno, khosi, mapewa, zigongono, polumikizira manja, mbali ziwiri za chiuno, mawondo, akakolo, maso ndi makutu. Kenako imalumikiza mfundozo ndi timizere tamitundumitundu pamalo akuda bii. Zovala, tsitsi, kunenepa ndi mpando sizilowamo. Koma taonani kuti ngakhale mafupa a thupi lokha ali ndi mfundo zisanu kumutu, maso awiri, makutu awiri ndi mphuno. Zimenezi n'zothandiza chifukwa zimauza modelo kumene mutu wayang'ana, ndipo n'zochepa moti sizingaumbe nkhope. Vuto limabwera mukasankha mtundu umene umawonjezera mfundo 70 za nkhope, zimene zimalemba mzere wa nsagwada, nsidze, mphuno ndi milomo. Apo ndiye kuti mwatengeratu chibwano cha mayi woyamba uja.

Chachiwiri ndi mapu a mtunda. Awa ndi chithunzi chotuwa chosonyeza kutalikirana kwa chinthu chilichonse ndi kamera: zapafupi zimayera, zakutali zimada. Mapuwa amadziwa zimene mafupa sadziwa, monga mwendo umene uli pamwamba pa unzake. Komano amanyamula zambiri zosafunika: kukula kwa thupi, mpando, kapindidwe ka zovala, ndiponso mpangidwe wonse wa mutu ndi tsitsi.

Nkhope imalowa kudzera pa IP-Adapter, ya Tencent AI Lab, imene inatulukanso mu 2023. Mtundu wake wa FaceID umagwiritsa ntchito InsightFace, pulogalamu yozindikira nkhope, imene imadula nkhope, kuiwongola, n'kuisandutsa manambala 512. Manambala amenewa amasunga zimene zimasiyanitsa munthu ndi mnzake, koma sauza modelo kuti mutu ukhale pati. Malo amasankhidwa ndi mafupa ndi mtunda. N'chifukwa chake FaceID imagonja mosavuta: ikapeza kuti mpangidwe wa mutu walembedwa kale, imangodzaza maso ndi milomo m'kati mwa mpangidwe wa munthu wina.

Mafayilo ofunika ndi awa. Atatu oyamba aikeni mu `models/ControlNet`, wachinayi mu `models/Lora`:

```
control_v11p_sd15_openpose.pth
control_v11f1p_sd15_depth.pth
ip-adapter-faceid-plusv2_sd15.bin
ip-adapter-faceid-plusv2_sd15_lora.safetensors
```

Onse ndi a SD 1.5, choncho modelo yanu yaikulu ikhalenso ya m'banja lomwelo. Mukasakaniza ndi ya SDXL, banja lina la Stable Diffusion, mupeza uthenga wa vuto, kapena chithunzi chingotuluka osatsata chilichonse. Pamafunikanso phukusi la `insightface` m'malo a Python amene WebUI imagwiritsa ntchito. Mamodelo amene InsightFace imagawa ali ndi chilolezo cha kafukufuku wosachita malonda, ndiye ngati ntchito yanu ndi yolipidwa werengani kaye chilolezocho.

Gawo loyamba: kusankha zithunzi

Nkhope ikhale yanu, kapena ya munthu amene wavomera ndipo akudziwa mtundu wa chithunzi chimene chituluke. Kuika nkhope ya munthu pa thupi kapena pa zochitika zimene sanavomereze kumamuvulaza ndithu, ndipo palibe luso limene lingakonze zimenezo.

Chithunzi cha nkhope chikhale cha munthu mmodzi yekha, akuyang'ana kutsogolo kapena atapendeka pang'ono, kuwala kukufika mbali zonse ziwiri, opanda magalasi akuda kapena dzanja pakamwa. Musachidule mothina. Pulogalamu yofufuza nkhope imafuna kuona mutu wonse ndi malo pang'ono m'mbali mwake. Nkhope yodzaza chithunzi chonse, chipumi ndi chibwano zitadulidwa, nthawi zambiri sipezeka n'komwe. Dulani kuyambira m'mapewa, musiye mpata pamwamba pa tsitsi, chithunzicho chikhale chofanana m'litali ndi m'lifupi. Pewani zithunzi zimene foni yasalaza khungu, chifukwa zimataya timizere ndi timadontho timene timachititsa munthu kudziwika.

Pa chithunzi cha kaimidwe yang'anani zinthu ziwiri. Ziwalo zonse zimene mukufuna zizioneka, ndipo mutu usatembenuke kwambiri kusiyana ndi wa pa chithunzi cha nkhope. Ngati wa kaimidwe wayang'aniratu cham'mbali, pamene nkhope muli nayo yakutsogolo kokha, modelo ingopeka kutalika kwa mphuno ndi mmene chibwano chimaonekera kumbali.

Kenako dulani chithunzi cha kaimidwe kuti chigwirizane ndi msinkhu wa chimene mukupanga. Ife tipanga cha 512 m'lifupi ndi 768 m'litali, kutanthauza magawo awiri kwa atatu. Mukapanda kutero, `Just Resize` imatalikitsa kapena kufupikitsa munthu, ndipo `Crop and Resize` ikhoza kudula mapazi kapena mutu osakuuzani.

Gawo lachiwiri: mafupa

Mu tsamba la txt2img tsegulani ControlNet, pa `Unit 0` muike chithunzi cha kaimidwe. Chongani `Enable`, `Pixel Perfect` ndi `Allow Preview`. Pa `Preprocessor` sankhani `openpose`, kapena `openpose_hand` ngati manja ali pofunika monga m'chitsanzo chathu. Musasankhe `openpose_full` kapena `openpose_face`. Pa `Model` sankhani `control_v11p_sd15_openpose`. Dinani kabatani koonetsera zotsatira, kamene kali pakati pa mabokosi awiriwo, ndipo musapitirire musanayang'anitsitse mafupa amene atuluka.

Muwerenge ziwalo. Kwa munthu wosanjika miyendo, pulogalamu imakonda kusokoneza mawondo, n'kulumikiza bondo lamanja ndi kakolo wamanzere, kapena kusiya mwendo wapansi osaujambula. Chiwalo chimene palibe pa mafupa modelo imachiika paliponse pamene yafuna. Onaninso mitundu ya timizere. Mbali yamanja ndi yamanzere zili ndi mitundu yosiyana, ndipo modelo imadalira mitunduyo, pamodzi ndi mfundo za maso ndi mphuno, kuti idziwe ngati munthu wayang'ana kwa ife kapena watifulatira. Zikasinthana mudzaona nkhope ikuyang'ana kutsogolo pa thupi loonetsa msana.

Pali `dw_openpose_full`, ya DWPose, imene imapeza zala bwino kuposa OpenPose yakale, koma imabweretsa mfundo za nkhope. Njira yabwino ndi kuigwiritsa ntchito, kenako n'kuchotsa nkhopeyo pamanja. Dinani `Edit` pambali pa chithunzi cha mafupa, muchotse gulu la mfundo za nkhope, musiye za thupi ndi 21 za dzanja lililonse. M'menemo mukhozanso kukoka bondo lolakwika n'kuliika pamalo pake. Ngati dzanja latuluka ngati tizingwe topiringizana, lichotseni lonse. Dzanja lopanda mafupa limatuluka bwino kusiyana ndi dzanja la mafupa olakwika.

Pali china chimene anthu ambiri amachiiwala. Mafupa amanyamula kutalika kwa ziwalo. Mayi woyamba ali ndi khosi lalitali ndi mapewa opapatiza, ndipo nkhope yozungulira ikakhala pa khosi limenelo imaoneka ngati yobwereka. Tsitsani mfundo zisanu za kumutu pang'ono kuti ziyandikire mfundo ya khosi, mutalikitse mapewa pang'ono. Mukhozanso kutalikitsa makutu awiriwo, popeza mpata wa pakati pawo ndi umene umauza modelo kukula kwa mutu m'lifupi.

`Control Weight` ikhale 1.0, `Starting Control Step` 0, `Ending Control Step` 0.8, `Control Mode` pa `Balanced`.

Gawo lachitatu: yesani mafupa okha musanaike china

Lembani malongosoledwe a munthu amene mukufuna, osati a mwini kaimidwe:

```
photo of a woman with dark brown skin, round face, short hair, sitting on a wooden chair, legs crossed, hands on knee, plain wall
```

Mpando uyenera kutchulidwa chifukwa mafupa saudziwa, ndipo mukausiya munthu akhoza kukhala m'malere kapena pa chinthu chosadziwika. Khungu nalo litchuleni. Mamodelo ambiri akasiyidwa okha amayeretsa khungu, ndipo FaceID imakoka nkhope yokha, moti mukhoza kupeza nkhope yakuda pa mikono yoyererapo.

Ikani masitepe 30, `CFG Scale` pa 6, ndipo `Seed` muipatse nambala yokhazikika m'malo mwa -1. Nambala ikakhazikika, kusintha kulikonse kumene muone kukhala kochokera pa chimene inu mwasintha. Chotsani `Restore faces`. Zokonzera nkhope monga CodeFormer ndi GFPGAN zimajambulanso maso ndi khungu mwa njira yawoyawo, ndipo zimafufuta kufanana kumene mukuvutikira.

Pangani zithunzi zinayi. Ngati pa zonse miyendo yasanjikana molondola, mapu a mtunda simukuwafuna, dumphani gawo lotsatirali. Mafupa okha ndiwo njira yotetezeka kwa nkhope. Koma m'chitsanzo chathu n'zotheka kuti pa zithunzi zina mwendo wamanzere ndi umene uli pamwamba, kapena ntchafu zalowana ngati n'chinthu chimodzi. Mafupa ndi afulati. Mizere iwiri ikadutsana, palibe chosonyeza umene uli kutsogolo. Chimodzimodzi mkono wolozera ku kamera umangooneka ngati kamzere kakafupi, ndipo modelo imajambula mkono wopunduka.

Gawo lachinayi: mapu a mtunda, ndi kuchotsamo mutu

Pa `Unit 1` ikani chithunzi chomwe chija cha kaimidwe, chodulidwa mofanana ndendende. `Preprocessor` ikhale `depth_anything_v2` ngati ilipo, apo ayi `depth_midas`. `Model` ikhale `control_v11f1p_sd15_depth`. Onetsani zotsatira. Muona bondo lapamwamba likuyera kuposa linzake, chomwe ndi chimene tikufuna. Muonanso tsitsi lomangidwa lija litaima pamutu ngati chulu, ndi mzere wa chibwano chachitali ukuonekeratu. Mukasiya choncho, mayi wa tsitsi lalifupi atuluka ndi chinthu pamutu. Modelo iyenera kudzaza malowo, ndiye imaikapo mpango, chipewa kapena tsitsi limene simunapemphe.

MiDaS imatulutsa mapu osamveka bwino m'mbali, pamene Depth Anything imatulutsa akuthwa. Pa ntchito iyi kuthwa si ubwino nthawi zonse, chifukwa mapu akuthwa amasunga mphuno ndi milomo.

Sungani mapuwo pa kompyuta, muwatsegule mu pulogalamu yokonzera zithunzi monga GIMP kapena Krita. Tsitsi loima pamwamba lipakeni ndi mtundu wa khoma la kumbuyo, mtundu umene mwautenga pafupi pomwepo. Kenako tengani mtundu wotuwa wa pakhosi kapena pachipumi, mujambule chozungulira ngati dzira pamalo a mutu, chotakasuka pang'ono kuposa mutu wakale, musalaze m'mbali mwake kuti musakhale mzere wakuthwa. Maso, mphuno ndi chibwano zisaonekenso.

Musapake mutu wonse ndi mtundu wakuda poganiza kuti mwaufufuta. Pa mapu a mtunda, kuda sikutanthauza kuti palibe lamulo. Kumatanthauza kuti chimene chili pamenepo chili kutali. Mafupa akunena kuti mutu uli apa, mtunda ukunena kuti apa pali khoma, ndipo chotuluka ndi mutu waung'ono wobwerera m'mbuyo, kapena khosi lopindika modabwitsa.

Ngati mwini nkhope ndi wonenepa kuposa mwini kaimidwe, kulitsani mikono ndi chiuno pa mapu omwewo ndi burashi yofewa. Mukatha, bwezani mapu okonzedwawo pa `Unit 1` ndipo `Preprocessor` muiike pa `none`. Mukaiwala, pulogalamu iyesa kupeza mtunda wa mapu a mtunda, n'kuwononga zonse mwakonza.

`Control Weight` ikhale 0.5, `Ending Control Step` 0.4. Chifukwa chake chili m'kapangidwe ka chithunzi. Modelo imayamba ndi chipwirikiti cha timadontho n'kumachichotsa pang'onopang'ono. Masitepe oyambirira amakhazikitsa zinthu zikuluzikulu, monga pamene pali thupi ndi mwendo umene uli pamwamba. Omalizira amajambula zing'onozing'ono. Pa masitepe 30, 0.4 ndi sitepe 12. Pofika apo miyendo yakhazikika, ndipo masitepe 18 otsalawo mtunda sulankhulanso, zovala ndi nkhope zimaumbika momasuka. Ngati miyendo ikusokonekerabe, kwezani mphamvu kufika 0.7 musanaganize zotalikitsa nthawi.

Gawo lachisanu: nkhope

Pa `Unit 2` ikani chithunzi cha nkhope. Ngati malo achitatu sakuoneka, onjezerani chiwerengero chake mu `Settings`, pansi pa ControlNet, kenako muyambitsenso WebUI. `Preprocessor` ikhale `ip-adapter_face_id_plus`, `Model` ikhale `ip-adapter-faceid-plusv2_sd15`. Kumapeto kwa malongosoledwe aja onjezerani LoRA yake, fayilo yachinayi ija imene imasintha pang'ono modelo yaikulu:

```
<lora:ip-adapter-faceid-plusv2_sd15_lora:0.6>
```

LoRA imeneyi inaphunzitsidwa pamodzi ndi FaceID. Mukaisiya kufanana kumachepa kwambiri, ndipo anthu ambiri amene amadandaula kuti nkhope sikugwira amakhala ataiwala mzere umenewu.

Yambani ndi `Control Weight` ya 0.8, kuyambira 0 mpaka 1.0. Nkhope iyenera kulankhula mpaka sitepe lomaliza, popeza maso ndi milomo zimajambulidwa kumapeto. N'chifukwa chake tinaimitsa mafupa pa 0.8, sitepe 24, kuti masitepe asanu ndi limodzi omaliza akhale a nkhope yokha.

Zizindikiro za mphamvu yopitirira n'zosavuta kuona. Khungu limawala ngati lapakidwa phula, mitundu imapsa, ndipo mutu umakana kutembenuka, umangoyang'ana kutsogolo ngati pa chithunzi cha nkhope ngakhale mafupa akuti upendeke. Zikatero tsitsani mphamvu kufika 0.6, kapena `CFG Scale` kufika 5. Ngati vuto ndi kutembenuka kokha, ikani `Starting Control Step` ya nkhope pa 0.15 kuti mafupa ayambe akhazikitsa mutu. Musachedwetse kupitirira pamenepo kwambiri, chifukwa mpangidwe wa mutu umakhazikika msanga, ndipo mukafika mochedwa mupeza modelo yasankha kale chibwano chake.

M'malongosoledwe musalembe mawu otamanda kukongola kapena dzina la munthu wotchuka. Mawu oterowo amakokera nkhope ku imene modelo inazolowera, yosalala ndi yopyapyala.

Ngati kadi ya zithunzi ya kompyuta yanu yadzaza, chongani `Low VRAM` pa malo onse atatu, ndipo muzipanga chithunzi chimodzi pa nthawi.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: chifukwa chake nkhope sinafanebe, ndi kuikonza

Mukatsata zonsezi, kaimidwe kakhala kolondola, tsitsi lalifupi, nkhope yozungulira, koma mukayandikira muona maso osalongosoka ndipo mwini wake sangadzizindikire bwinobwino. Musakweze mphamvu. Vuto ndi kuchepa kwa malo.

Stable Diffusion sijambula pa mapikiseli enieni. Imagwira ntchito pa chithunzi chochepetsedwa kasanu ndi katatu mbali iliyonse, moti 512 kwa 768 imakhala timabokosi 64 kwa 96. Mutu wa munthu wamkulu ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi awiri ndi theka a msinkhu wake. Munthu woimirira wotalika mapikiseli 700 ali ndi mutu wa mapikiseli pafupifupi 93, omwe ndi timabokosi 12 tokha. Wokhala pa mpando ngati wathuyu amapeza tochulukirapo pang'ono, mwina 15. Diso limagwera pa kabokosi kamodzi kapena tiwiri. M'malo ochepa chonchi simungakwane zimene zimasiyanitsa munthu ndi m'bale wake.

Mankhwala ake ndi kujambulanso mutu wokha pa malo aakulu. Sankhani chithunzi chimene thupi latuluka bwino, muchitumize ku `Inpaint` mu tsamba la img2img. Pakani nkhope yonse, kuphatikizapo chibwano, makutu ndi poyambira tsitsi. Mukapaka maso, mphuno ndi pakamwa pokha, nsagwada zakale zitsala ndipo munthuyo aoneka ngati wavala chigoba. Pa `Inpaint area` sankhani `Only masked`. Izi zimachititsa kuti pulogalamu idule dera la mutu, ilikulitse kufika msinkhu umene mwalemba, ijambule, kenako ilichepetse n'kulibwezera. Lembani 512 kwa 512. Mutu umene unali ndi timabokosi 15 tsopano uli ndi pafupifupi 30.

`Masked content` ikhale `original`. `Mask blur` ikwezeni kufika 8 kapena 12 kuti m'mphepete musaoneke msoko. `Only masked padding, pixels` ikhale 64, kuti modelo ione khosi ndi mapewa, idziwe mtundu wa khungu ndi kumene kuwala kukuchokera.

Mu ControlNet ya tsambali yatsani nkhope yokha. Chongani `Upload independent control image`, muike chithunzi cha nkhope chija, apo ayi pulogalamu itenga nkhope yolakwika ya pa chithunzi chimene mukukonzacho n'kumaitsanzira. Mafupa ndi mtunda zizimitseni. Ntchito yawo yatha, ndipo kutembenuka kwa mutu kuli kale m'chithunzi. LoRA ija ikhalebe m'malongosoledwe, koma mufupikitse mawuwo kuti anene za nkhope, khungu ndi tsitsi basi. Mukasiya mawu a mpando ndi miyendo, mphamvu ikakwera modelo ikhoza kujambula kamunthu kathunthu m'kati mwa nkhope.

Nambala yofunika kwambiri apa ndi `Denoising strength`. Yambani pa 0.45. Pansi pa 0.3 nkhope imangoyera bwino koma munthu sasintha. Kupitirira 0.6 kufanana kumakula, koma mutu umayamba kutembenukira kutsogolo, kuwala kumasiyana ndi kwa thupi, ndipo khosi limaoneka lolumikiza. Ngati 0.45 sinakwane, ndi bwino kubwereza kawiri pa 0.4, chotuluka choyamba n'kukhala poyambira pachiwiri, kusiyana ndi kulumphira pa 0.7 kamodzi.

Poyesa ngati zatheka, ikani zithunzi zitatu pamodzi: cha kaimidwe, cha nkhope ndi chatsopano. Musayambe ndi maso, chifukwa maso amanyenga. Yang'anani mzere wochokera kukhutu kufika kuchibwano, kutakasuka kwa mphuno, ndi mpata wa pakati pa mphuno ndi mlomo wapamwamba. Ngati chibwano chikufanana ndi cha mayi woyamba, penapake chithunzi cha kaimidwe chikulamulirabe kumutu. Bwererani mukaone ngati mfundo 70 zija zinachotsedwadi, ndiponso ngati mapu amene ali pa `Unit 1` ndi okonzedwa aja osati oyamba. Ngati chibwano sichikufanana ndi cha aliyense wa awiriwo, ndi modelo yaikulu imene ikukoka. Mamodelo ena anaphunzitsidwa kwambiri pa nkhope ya mtundu umodzi moti aliyense amatuluka ngati wa banja limodzi, ndipo pamenepo palibe nambala imene ingathandize, koma kusintha modelo.

Mukasamukira ku SDXL ndi InstantID

InstantID, imene inatuluka mu January 2024, imagwira ndi SDXL ndipo kawirikawiri imasunga kufanana mwamphamvu kuposa FaceID. Imatenga malo awiri mu ControlNet. Oyamba, `instant_id_face_embedding`, amalandira chithunzi cha nkhope. Achiwiri, `instant_id_face_keypoints`, amalandira chithunzi chosonyeza pamene nkhope ikhale, n'kutengapo mfundo zisanu: maso awiri, nsonga ya mphuno ndi ngodya ziwiri za pakamwa. Pa malo achiwiriwa muike chithunzi cha kaimidwe, chodulidwa mofanana ndi chimene munatengapo mafupa. Mukaikapo chithunzi cha nkhope, mfundo zake zikhala zazikulu pakati pa chithunzi, pamene mafupa akuti mutu ndi waung'ono ndipo uli pamwamba. Malamulo awiriwo akasemphana mumapeza chinkhope chachikulu pachifuwa, kapena anthu awiri.

Mfundo zisanuzo zimanyamulabe kutalikirana kwa maso ndi kukula kwa pakamwa kwa mwini kaimidwe, choncho mphamvu yake isapitirire pafupifupi 0.5 ngati nkhope ziwirizo n'zosiyana kwambiri. InstantID imafuna `CFG Scale` yotsika, 4 kapena 5, ndipo pa 1024 kwa 1024 yeniyeni imakonda kutulutsa timalemba tosaoneka bwino tofanana ndi chidindo cha pa zithunzi zogulitsa. Msinkhu wosiyanako pang'ono, monga 1016 kwa 1016, kapena wautali monga 832 kwa 1216, umachepetsa vutoli. Mafupa ndi mtunda zimafunanso mafayilo awo a SDXL, ndipo mutu pa mapu a mtunda uyenera kupakidwabe monga tinachitira m'gawo lachinayi.